MESSI, MASSI ndi botolo la chiponde la alamu anga

Kalata ija inafika Lachitatu masana, pofika madzulo alamu anga anali atandiimbira kale kanayi. Iwowa amapanga chiponde ku Matawale kuno ku Zomba, chaka chachinayi tsopano, mtedza amakagula okha ku Songani, kusankha, kukazinga, kugayitsa, kuthira mmabotolo apulasitiki nkumata lebulo yachikasu yomwe pali dzina la mwana wawo woyamba. Chaka chatha anaganiza zoliteteza dzinalo, anakapereka pempho ku ofesi ya boma yolembetsa ma tiredimaki, analipira zonse, dzina linalengezedwa kuti amene ali ndi dandaulo abwere poyera. Nde wabweradi wina. Kampani ina, sinditchula dzina, yomwe imagulitsa majarini ndi jamu, yalemba kuti dzina la alamu likufanana kwambiri ndi lawo lomwe analembetsa kalekale. Ndipo sakunama, maina awiriwa akusiyana chilembo chimodzi chokha, chapakati.

Ine si loya ayi. Ndinagwirapo ukalaliki zaka zingapo mu ofesi ya maloya, ndipo ntchito yanga yambiri inali yowerenga zigamulo zazitali nkuwalembera abwana chidule cha tsamba limodzi choti awerenge mgalimoto popita ku khothi. Nchifukwa chake kunyumba kukabwera pepala la chidindo amayamba aimbira ine. Nditafika ndinapeza alamu akhala pakhonde kalata ili pamiyendo, achimwene ali chilili ndi foni mmanja, akuti "Amayi musadandaule, Messi anawina mlandu ngati womwewu, chilembo chimodzi chomwecho, ndaona pa Fesibuku." Alamu anandiyang'ana nkuti "Alamu, nzoona zimenezi?"

Ndinawauza kuti zoti Messi anawina nzoona, koma andipatse masiku awiri ndikawerenge kaye kuti anawina bwanji. Chifukwa chomwe ndinaphunzira mu ofesi muja nchakuti amene wawina ndi mzere umodzi wakumapeto, ndipo mzere umenewo sungakuuze ngati chigamulocho chikukukhudza iweyo. Chimene chimakuuza ndi malo enieni pomwe mlandu unakhotera. Ndiye ndinatenga kope langa, nkulemba mizere iwiri yotsika kuti tsamba ligawike patatu monga ndinkachitira kale: kumanzere chifukwa chomwe wotsutsa anaimirapo, pakati umboni womwe unaikidwa pa sikelo, kumanja chimene chinapendeketsa sikeloyo.

Nkhani yake inayenda chonchi. Mu Ogasiti 2011 Lionel Messi anapempha ofesi yolembetsa ma tiredimaki a mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya, yomwe ili mu mzinda wa Alicante ku Spain ndipo pano imatchedwa EUIPO, kuti ilembetse chizindikiro chake. Chizindikirocho ndi chija cha chilembo M chojambulidwa mwaluso, pansi pake mawu oti MESSI, ndipo ankafuna chikhale cha zovala, nsapato ndi zida zamasewera. Mu Novembala chaka chomwecho bambo wina wa bizinesi wa ku Spain anatsutsa, poti iye anali kale ndi dzina loti MASSI lolembetsedwa pa zovala, nsapato, mahelemeti a panjinga, zovala zodzitetezera ndi magulovu. Mu 2012 umwini wa dzinalo unasamukira ku kampani yotchedwa J.M.-E.V. e hijos, ndipo ndi imeneyi inapitiliza mlandu mpaka kumapeto. Mu 2013 ofesi inagwirizana ndi otsutsa, Messi analuza. Anachita apilo ku bodi ya apilo ya ofesi yomweyo, mu Epulo 2014 analuzanso. Anapita ku khothi ku Luxembourg, pa 26 Epulo 2018 khothi loyamba linafafaniza chigamulo cha bodi ija. Ofesi ndi kampani ija onse awiri anachita apilo, ndipo pa 17 Sepitembala 2020 khothi lalikulu linakana ma apilo onse awiri. Wofuna kuzifufuza yekha, nambala ya mlandu wa 2018 ndi T-554/14, ya 2020 ndi C-449/18 P ndi C-474/18 P.

Chinthu choyamba chomwe ndinalemba pamwamba pa tsamba, ndisanayambe nkomwe magawo atatu aja: analuza kawiri, anawina kawiri, zaka 9. Ndinachilemba dala chifukwa ndimadziwa kuti achimwene akamati "anawina" mmutu mwawo muli chithunzi cha mlandu wosavuta. Anthu odziwa ntchito yawo, amene amaona ma tiredimaki tsiku ndi tsiku, anayang'ana maina awiriwa kawiri konse nkunena kuti ayi, awa ngofanana mopitirira. Ndipo alamu alibe ndalama yoyendera makhothi zaka 9, kwa iwo chigamulo choyamba chija mwina ndi chomaliza chomwe.

Gawo lakumanzere linali lalifupi. Chifukwa chomwe mlandu wonse unaimapo chinali chimodzi, chochokera pa ndime 8(1)(b) ya lamulo lawo la ma tiredimaki la nthawi imeneyo, nambala 207/2009: ngati chizindikiro chatsopano chikufanana ndi chakale, katundu wakenso ndi wofanana, mpaka ogula atha kusokonezeka, chatsopanocho chisalembetsedwe. Apa mpofunika kumvetsa mawu oti kusokonezeka. Sakutanthauza kokha kuti munthu watola jezi ya MASSI akuyesa ya MESSI. Akutanthauzanso munthu amene waona ndithu kuti mainawa ngosiyana pang'ono koma nkuganiza kuti onse akuchokera ku kampani imodzi kapena makampani apachibale. Ndipo safuna kuti ubweretse munthu amene anasokonezekadi, funso ndi loti kodi zitha kuchitika. Nditatenga kalata ya alamu ndinapeza kuti kampani ya majarini yaimanso pa mwendo womwewu, poti nalo lamulo lathu la 2018, lomwe linalowa mmalo mwa lakale la 1957, limakana chizindikiro chomwe chingasokoneze anthu ndi china cholembetsedwa kale. Mpaka apa achimwene akulondola, milandu iwiriyi ikuyambira pa khomo limodzi.

Chifukwa chake ndimayamba ndi gawo limeneli nchakuti limakuuza umboni uti uli ndi ntchito, uti ulibe. Mlandu ukakhala wa kusokonezeka kwa ogula, palibe amene akufunsa ngati unaba dzina kapena unali ndi mtima wabwino. Alamu anali atayamba kale kundifotokozera kuti iwo kampaniyo sankaidziwa nkomwe pomwe ankasankha dzina, kuti mwana anabadwa ku chipatala chakuti chaka chakuti, misozi ili mmaso, ndipo ine ndikuwakhulupirira ndi mtima wonse. Koma pa chifukwa chimenechi zimenezo sizikwera pa sikelo. Wogula ku Karonga sadziwa mtima wa alamu, amaona botolo basi.

Gawo lapakati ndi lomwe limanditengera nthawi nthawi zonse. Anthu tikamva mawu oti umboni timaganiza za mboni yoima mu bokosi, koma mu milandu yotere umboni waukulu ndi mapepala awiri okha, mndandanda wa katundu yemwe aliyense analembetsa, ndi zizindikirozo mmene zikuonekera. Katundu amagawidwa mmakalasi 45 pa dziko lonse, 34 a katundu ndi 11 a ntchito zothandiza anthu, ndipo Messi anapempha kalasi 9, 25 ndi 28. Koma nambala ya kalasi payokha sigamula kanthu, imangothandiza kusunga mafayilo. Amayang'ana katundu weniweni, ndi wamtundu wanji, amagwira ntchito yanji, amagulitsidwa kuti, kodi wina atha kulowa mmalo mwa mnzake. Pa MESSI ndi MASSI katundu wina anapezeka kuti ngofanana ndendende, wina ngoyandikana kwambiri, ndipo pamenepa Messi sanapezepo populumukira. Ndinalemba mu kope: katundu, mfundo yapita kwa MASSI.

Kenako ogula ake ndani. Iyi ndi mfundo imene owerenga mothamanga amaidumpha, chonsecho kutsogoloku ndi imene inadzanyamula mlandu wonse. Anati ogula ndi munthu wamba wa mmayiko a mgwirizanowo amene amagula zovala, zida zamasewera ndi zodzitetezera, munthu wodziwako zinthu, wotchera khutu mwapakatikati, osati katswiri komanso osati wogona. Munthu ameneyu saika zizindikiro ziwiri pa tebulo nkumawerenga zilembo, amayenda ndi chithunzi chosakwanira chomwe chinatsala mmutu kuchokera tsiku lina.

Ndiye amafananitsa zizindikiro mnjira zitatu, mmaso, mkhutu, ndi mmutu kutanthauza tanthauzo. Mmaso, bodi inati mbali yomwe imakoka diso pa chizindikiro cha Messi ndi mawuwo osati chojambula chapamwamba chija, ndipo mawuwo ali pafupifupi chimodzimodzi. Khothi la 2018 linavomereza kuti mawuwo ngofanana kwambiri, koma chifukwa cha chojambulacho linati kufanana kwa mmaso nkwapakatikati. Mkhutu, onse anagwirizana kuti ngofanana kwambiri, tangoyesani kutchula Mesi, Masi, mofulumira muli mu minibasi. Nditafika pamenepa ndinawerenga zomwe ndalemba mu gawo lapakati, katundu wofanana, maonekedwe ofanana, kamvekedwe kofanana kwambiri. Aliyense amene anawerengapo milandu yotere angakuuzeni kuti tsamba likaoneka chonchi wopemphayo nthawi zambiri amaluza. Nde zinatheka bwanji.

Zonse zinakhotera pa tanthauzo. Bodi ija sinakane kuti Messi ngotchuka, apa ndi pomwe nkhani za pa Fesibuku zimaphonya. Inati kusiyana kwa tanthauzo, ngati kulipo, kungaonedwe ndi gawo chabe la ogula, okonda mpira ndi masewera, ndipo ena otsalawo atha kusokonezekabe. Khothi la 2018 linati apa bodi inalakwitsa. Messi si munthu wodziwika kwa okonda mpira okha, ndi munthu amene amaoneka pa kanema, amakambidwa pa wailesi kawirikawiri. Ndipo poti katundu wake ndi zovala ndi zida zamasewera, munthu wamba wogula zimenezi akaona MESSI nthawi yomweyo mmutu mwake mumabwera wosewerayo, pomwe MASSI amaliona ngati chinthu china. Khothi linavomera kuti pangapezeke anthu ena oti sanamumvepo kapena anamuiwala, koma linati ameneyo si wogula wamba amene lamulo likunena. Mapeto ake, kusiyana kwa tanthauzo kunali kwakukulu moti kunazimitsa kufanana kwa mmaso ndi mkhutu kuja.

Mfundo yoti tanthauzo litha kuzimitsa kufanana sinayambire pa Messi. Inakhazikika pa mlandu wa PICASSO ndi PICARO, womwe khothi lalikulu lomweli linagamula pa 12 Januwale 2006. Kumeneko a banja la Pablo Picasso, katswiri wojambula zithunzi uja, anatsutsa kampani ya magalimoto ya DaimlerChrysler kulembetsa PICARO, nkuluza. Muyeso wake ndi uwu, ndipo ndinaulemba ndi bolopeni yofiira: chimodzi mwa zizindikiro ziwirizo chikhale ndi tanthauzo lomveka, lachindunji, loti ogula aligwire nthawi yomweyo osachita kuganizira. Mu Chichewa chathu izi sizovuta kuzimva. Mbale ndi mbala akusiyana chilembo chimodzi, koma palibe amene angamve "kwabwera mbala" nkukakonza pogona pa mlendo. Tanthauzo limafika mmutu chilembo chisanawerengedwe.

Pali msampha umodzi womwe ndinagweramo kangapo ndili wachilendo pa ntchito, ndipo mu mlandu uwu ulipo waukulu. Chigamulo cha apilo chimayamba chafotokoza bwinobwino zomwe mbali iliyonse yanena, ndime zingapo zotsatizana, mwa mawu amphamvu ngati kuti ndi khothi likuyankhula. Ukakopera pamenepo walemba maganizo a woluza ngati lamulo. Njira yozindikira ndi kuyang'ana amene akuyankhula pa chiyambi cha ndime iliyonse, "wodandaula akuti", "ofesi ikuti", nkudikira mpaka pomwe khothi layamba kuyankha lokha. Ine ndimalemba chilembo mmphepete mwa ndime iliyonse, K ngati ndi khothi, W ngati ndi wodandaula, ndisanayambe nkomwe kulemba chidule. Chinanso, ndimawerenga mzere womaliza mosamala. Khothi la 2018 silinalembetse tiredimaki ya Messi, linangofafaniza chigamulo cha bodi, kulembetsa ndi ntchito ya ofesi. Zimaoneka zazing'ono koma abwana ankabweza chidule chonse chifukwa cha zoterezi.

Mu 2020 madandaulo omwe anafika ku khothi lalikulu ndi omwe anandiphunzitsa zambiri pa nkhani ya umboni. Ofesi inati khothi loyamba linangoyang'ana gawo lalikulu la ogula nkuiwala otsalawo, khothi lalikulu linayankha kuti ayi, loyambalo linaganizira ogula onse. Kampani ya MASSI inati kutchuka komwe kumawerengedwa ndi kwa chizindikiro chakale, osati kwa wobwera kumene. Khothi linati kutchuka kwa munthu amene akupempha kuti dzina lake likhale tiredimaki nakonso ndi chimodzi mwa zinthu zoyenera kuyeza, poti kumasintha mmene ogula amalionera dzinalo. Inatinso mfundo ya Picasso ija sifuna kuti chotchukacho chikhale chakalecho, chikhoza kukhala chilichonse mwa ziwirizo.

Koma dandaulo lomwe ndinakhalapo nthawi yaitali ndi ili. Mwa lamulo khothi likamaunika chigamulo cha bodi limayang'ana zomwe bodiyo inali nazo patebulo, sulola kubwera ndi katundu watsopano wa umboni pa apilo. Ndiye kampani inati khothi loyamba linadalira zinthu zomwe zinabwera mochedwa. Khothi lalikulu linayankha kuti kutchuka kwa dzina la Messi, ngati dzina la wosewera mpira wodziwika dziko lonse, ndi chinthu chodziwika kale kwa anthu, choti aliyense atha kuchidziwa kapena kuchipeza mmalo opezeka ndi aliyense, ndipo ofesi inali nazo zimenezi pomwe inkagamula, inayenera kuziganizira. Mwachidule, chinthu chomwe chinawinitsa mlandu wonse sichinafunike kutsimikiziridwa ndi mulu wa malisiti. Mu gawo langa lapakati, pa mzere wa tanthauzo, ndinalemba: umboni, dziko lonse likudziwa.

Lachisanu madzulo ndinabwerera ku Matawale ndi kope lija. Magetsi anali atathima, tinakhala pakhonde, fungo la mtedza wokazinga likuchokera kukhitchini. Ndinawaonetsa achimwene mzere umenewu nkuwafunsa kuti "Achimwene, alamu akudziwika mpaka kuti?" Anati Matawale yonse, ku tchalitchi, magolosale a ku Chinamwali ndi mtauni, ngakhale ana a sukulu a ku Chikanda amachidziwa chiponde chimenechi. Zoona zonsezo, ndipo ndimanyadira. Koma tiredimaki yomwe alamu apempha ndi ya Malawi yense, ndiye wogula wamba amene adzamuganizire ndi wa ku Mzuzu, ku Mchinji, ku Nsanje, amene sanamvepo za mwana wa alamu. Khomo lomwe Messi anatulukira ndi lopapatiza kwambiri, linatsegulidwa ndi kutchuka koti ngakhale jaji safuna pepala kuti akukhulupirire. Kunena kuti "ndi dzina la mwana wanga" palokha sikukupatsa ufulu wolilembetsa ngati wina anafika kale ndi lofanana nalo. Ngakhale Messi sanawine poti ndi dzina lake, anawina poti ogula akaliona amaona iyeyo.

Agogo anali pa mphasa akumvetsera, nde anafunsa kuti "Mesi wake uti mukumunenayu, mwana wa anamangwetu uja?" Kwa iwo Mesi ndi dzina la mtsikana, alipo atatu mmudzi mwathu. Ine funso limenelo linandigwira, chifukwa ndi ndendende zomwe bodi ija inkanena mu 2014, kuti alipo anthu omwe dzinalo silibweretsa wosewera mpira mmutu mwawo. Khothi silinati anthu otere kulibe. Linati si iwo amene amagula jezi ndi nsapato za mpira. Koma agogo chiponde amagula. Ukasintha katundu, wasinthanso wogula, ndipo mlandu wonse utha kutembenuka.

Achimwene nkhope inagwa, koma ndinali ndisanamalize. Mu chigamulo chimenechi muli kanthu kena komwe alamu angatolemo, kungoti si komwe achimwene ankaganiza. Muyeso wofiira uja sukunena za kutchuka, ukunena za tanthauzo lomwe munthu amaligwira pompopompo. Kutchuka ndi njira imodzi chabe yopezera tanthauzo. Maina athu ambiri a Chichewa ndi mawu enieni atanthauzo, ndipo dzina la mwana wa alamu ndi limodzi mwa amenewo, liwu loti aliyense woyankhula Chichewa akalimva amadziwa chomwe likunena. La kampani ya majarini ndi liwu longopeka, silitanthauza kanthu mu Chichewa kapena mu Chizungu. Apa nde pali mfundo yeniyeni yoti loya atha kuigwira, kuti wogula akamva dzina la alamu amamva liwu lomwe amalidziwa chibadwire, akamva linalo amamva phokoso chabe, ngati mbale ndi mbala kuja.

Sindinafune kuwanamiza, ndinawauzanso pomwe mfundoyi ikutsimphina. Chigamulo cha ku Luxembourg sichimanga ofesi ya kuno, loya atha kungochitchula ngati chitsanzo cha kaganizidwe, wogamula atha kuchimvera kapena kuchisiya. Komanso si Mmalawi aliyense amene liwulo limamugunda mofanana, wa Chitumbuka kapena Chiyao amene Chichewa ndi chiyankhulo chachiwiri atha kulimva mosiyana, ngakhale kuti Chichewa chimamveka pafupifupi paliponse. Koma chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kagulidwe. Pa mlandu wa Picasso katundu anali galimoto, ndipo khothi linaganizira kuti munthu wogula galimoto amakhala tcheru kwambiri, amafunsa, amazungulira, amabwerera mawa. Chiponde sichigulidwa choncho. Pa golosale zambiri kuno suchita kutola wekha pa shelefu, umaima pa windo la waya nkutchula dzina, wailesi ikulira, kapena umatuma mwana amene wathamanga nalo dzinalo mkamwa kuchokera kunyumba. Pamenepo lebulo yachikasu ija sioneka, chimagwira ntchito ndi khutu, ndipo mkhutu ndi momwe maina awiriwa akufanana kwambiri. Loya wa kampani ija akakhala wakuthwa adzaima pamenepa, ndipo ine ndikanakhala iye ndikanaimanso pomwepo.

Pa katundu napo alamu ali ndi pokambira koma si pambiri. Chiponde, majarini ndi jamu zonse zili mu kalasi 29, koma monga ndanena nambala sigamula. Vuto ndi loti zonsezi zimapakidwa pa buledi, zimakhala shelefu imodzi, ndipo mayi amene wapeza majarini wakwera mtengo atha kugula chiponde mmalo mwake. Atha kunena kuti china nchamtedza china nchamafuta, opanga ake ngosiyana, koma ine pa mzere umenewo ndinalemba kuti mfundo ikupendekera kwa kampani. Ndipo zinthuzi amaziyeza pamodzi, katundu akayandikana kwambiri, maina amafunika atalikirane kwambiri kuti upulumuke.

Alamu anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa funso lomwe linali lofunika kuposa onse, "Nde panopa tichite chani?" Ndinawaonetsa tsiku lomaliza loyankhira lomwe lalembedwa mu kalatamo, nkuwauza kuti limeneli ndi lomwe lingawaluzitse mlandu usanayambe, poti ukapanda kuyankha pa nthawi yake pempho lako limatengedwa ngati walisiya wekha. Yankho lake limafunika kutsata ndime za otsutsa imodzi imodzi, iyi tikuvomera, iyi tikukana pa chifukwa chakuti, ndipo izi ndi za loya osati za ine. Umboni umabwera pambuyo pake mwa chikalata cholumbira, ndipo poti alamu si Messi, chilichonse chomwe akufuna kuti wogamula akhulupirire chiyenera kukhala pa pepala, lokhala ndi deti. Ndinawauzanso kuti akamufunse loya zinthu ziwiri, ngati kampaniyo dzina lake ikuligwiritsadi ntchito pa katundu yense yemwe inalembetsa, ndiponso ngati sizingatheke kungokambirana nawo, alamu alonjeze kukhala pa chiponde chokha ndi lebulo yosiyana kwambiri, iwo achotse chitsutso chawo. Milandu yambiri yotere imathera pa kukambirana, ndipo zimatchipa kuposa kudikira chigamulo.

Usiku womwewo alamu anatulutsa katoni ya pansi pa bedi. Munali mabuku a malisiti asanu ndi awiri, ena atanyowapo mvula, risiti ya kosindikizira malebulo oyamba aja deti ikuoneka bwinobwino, ndi kope lomwe amalembamo magolosale omwe atenga katundu pa ngongole. Tinayamba kusanja ndi tochi ya foni, chaka ndi chaka, achimwene akuwerenga madeti ine ndikulemba. Malisiti ambiri a chaka choyamba anangolembedwa "chiponde 12" opanda dzina lija, amenewo tinawaika pambali chifukwa sakuonetsa kuti dzinalo linkagwiritsidwa ntchito. Kuyambira chaka chachiwiri alamu anali atagula chidindo cha dzina lawo, ndipo tsamba lililonse lili nacho. Amenewo ndi omwe tawaika mu envelopu yopita kwa loya Lolemba mmawa, pamodzi ndi botolo limodzi la chiponde, paketi ya majarini ya kampani ija yomwe achimwene anakagula pa golosale ya pakona, ndi tsamba langa lija logawidwa patatu.